Mzukwa wa mu Pac-Man suganiza, umatsata tebulo

Aliyense amene anasewerapo Pac-Man amaidziwa mphindi iyi. Mizukwa inayi yakupanikiza, kothawira kwatha, ndiye mwadzidzidzi yonse ikutembenuka n'kubalalika, uliwonse kulowera kwake. Wosewera amaona ngati yamuchitira chifundo kapena yasokera njira. Sizili choncho. Mkati mwa pulogalamu muli wotchi yosaoneka, ndipo nthawi yake yangokwana.

Gemuyi inatulutsidwa ndi kampani ya Namco ku Japan mu 1980, ndipo amene anaikonza ndi Toru Iwatani. Iye sanafune kuti mizukwa izithamangitsa munthu kosalekeza, chifukwa wosewera akanatopa nayo msanga. Anafuna kuti izibwera mwaukali, kenaka izimupatsa kampata kopuma, n'kubweranso. Njira imene imatheketsa zimenezi ndi yomwe opanga magemu akugwiritsabe ntchito mpaka lero, makamaka m'magemu amene bwalo lonse timalionera kuchokera pamwamba. Amaitcha makina a mikhalidwe yowerengeka, ndipo m'mabuku a akatswiri imalembedwa mwachidule kuti FSM. Tiyeni timange makina oterewa a mzukwa umodzi, kuyambira papepala mpaka pakhodi.

Lamulo limodzi lokha

Si makina achitsulo ayi, ndi dongosolo chabe. Lili ndi zinthu zitatu. Choyamba ndi mikhalidwe, ndipo iyenera kukhala yoti mutha kuiwerenga ndi zala. Chachiwiri ndi zochitika, zinthu zimene zimagwa mwadzidzidzi gemu ili mkati. Chachitatu ndi malamulo onena kuti mdani akakhala mumkhalidwe wakuti, n'kuchitika chakuti, apite mumkhalidwe uti.

Pamwamba pa zonsezi pali lamulo losaphwanyika: nthawi iliyonse mdani amakhala mumkhalidwe umodzi basi. Maloboti a pamsewu amagwira ntchito chimodzimodzi. Nyali yofiira ndi yobiriwira siziyaka pamodzi, ndipo yotsatira imadziwika kutengera imene yayaka panopa.

Woyamba kumene amakonda kudumpha lamuloli. Amalemba mafunso angapo a inde kapena ayi: kodi mzukwa ukuthamangitsa, kodi ukuopa, kodi wadyedwa. Mafunso atatu oterewa amabala mayankho ophatikizana 8, ndipo ambiri mwa iwo ndi opanda nzeru, monga mzukwa umene wadyedwa koma ukuthamangitsabe munthu kwinaku ukuopa. Tsiku lina pulogalamu idzaiwala kuzimitsa yankho limodzi, ndipo chilombo choterocho chidzaonekera pasikirini. Mukasunga mkhalidwe m'malo amodzi, zoterezi sizingachitike n'komwe, chifukwa malo amodziwo sangasunge mayina awiri.

Mikhalidwe inayi, zochitika zisanu

Mzukwa wathu tiupatsa mikhalidwe inayi. Pa `KUSAKA` umalondola Pac-Man. Pa `KUBALALIKA` umamusiya n'kulowera kukona yake ya bwalo. Pa `MANTHA` umasanduka wabuluu, umayenda pang'onopang'ono ndipo utha kudyedwa. Pa `MASO` thupi lapita, kwatsala maso awiri okha akuthamangira kunyumba ya mizukwa imene ili pakati pa bwalo.

Zochitika zimene zingausunthe ndi zisanu. Wotchi yaikulu, imene imasinthanitsa kusaka ndi kubalalika, itha kulira. Pac-Man atha kudya chidontho champhamvu, chimodzi mwa zinayi zimene zili pafupi ndi makona a bwalo. Nthawi ya mantha itha kutha. Mzukwa utha kugundana ndi Pac-Man. Ndipo maso aja atha kufika kunyumba.

Apa ndi pamene ntchito yeniyeni ili, ndipo imachitikira papepala, kompyuta isanayatsidwe. Lembani mikhalidwe inayi motsika kumanzere kwa pepala, zochitika zisanu mopingasa pamwamba. Mupeza mipata 20, ndipo mpata uliwonse ndi funso lofunika yankho. Ena ndi apafupi: mzukwa ukusaka, chidontho chadyedwa, upite ku mantha. Ena amafuna kuwaganizira. Nanga mzukwa uli kale ndi mantha, Pac-Man n'kudya chidontho china? Ukhalebe ndi mantha, koma nthawi iyambirenso poyamba. Nanga ndi maso okha, chidontho china n'kudyedwa? Pasachitike kanthu, upitirize ulendo wakunyumba. Mukapanda kuyankha funsoli, maso aja adzavala thupi labuluu pakati panjira, ndipo wosewera adzadya mzukwa womwewo kawiri.

Mukamaliza mupeza kuti mipata 8 yokha ndi imene imasintha mkhalidwe kapena kuuyambitsanso. Iwiri, kugundana pa nthawi yosaka kapena yobalalika, ndi imfa ya Pac-Man, nkhani imene gawo lina la pulogalamu limasamalira. Yotsala 10 yankho lake ndi lakuti palibe chochita. Koma yankho limeneli likhale loti mwalisankha mutaliganizira, osati loti mpatawo simunauone.

Tebulo lija likalowa m'chinenero cha makompyuta chotchedwa Python limaoneka motere:

```python
TEBULO = {
    ("KUBALALIKA", "wotchi"):    "KUSAKA",
    ("KUBALALIKA", "chidontho"): "MANTHA",
    ("KUSAKA", "wotchi"):        "KUBALALIKA",
    ("KUSAKA", "chidontho"):     "MANTHA",
    ("MANTHA", "chidontho"):     "MANTHA",
    ("MANTHA", "atha"):          "FUNSA",
    ("MANTHA", "kugundana"):     "MASO",
    ("MASO", "kunyumba"):        "FUNSA",
}
```

Mzere uliwonse ukuwerengedwa chonchi: uli apa, kwachitika ichi, pita uko. Liwu loti `FUNSA` si mkhalidwe wachisanu. Likutanthauza kuti mzukwa ufunse wotchi yaikulu ngati ino ndi nthawi yosaka kapena yobalalika, n'kutsatira zimene yauzidwa.

Khomo limodzi losinthira

Tebulo palokha silichita kanthu. Pafunika kachigawo ka pulogalamu kolandira zochitika n'kuyang'ana m'tebulomo:

```python
def landira(mzukwa, chochitika, wotchi):
    wakale = mzukwa.mkhalidwe
    watsopano = TEBULO.get((wakale, chochitika))
    if watsopano is None:
        return
    if watsopano == "FUNSA":
        watsopano = wotchi.gawo
    print(mzukwa.dzina, wakale, chochitika, watsopano)
    mzukwa.mkhalidwe = watsopano
    if chochitika in ("wotchi", "chidontho"):
        mzukwa.tembenuka()
```

Ngati m'tebulo mulibe yankho, kachigawoka kamangobwerera osakhudza chilichonse, ndipo mipata yopanda chochita ija yasamalidwa pomwepo. Ngati yankho lilipo, kamalemba pasikirini zimene zachitika, kamasintha mkhalidwe, ndipo pa zochitika ziwiri kamautembenuza mzukwa kuti ubwerere kumene ukuchokera.

Kutembenukaku ndi kwa mu Pac-Man yeniyeni. Mizukwa siloledwa kubwerera m'mbuyo mwa kufuna kwake, koma imakakamizidwa kutero wotchi ikalira kapena chidontho chikadyedwa. Mantha akatha sitembenuka. Kwa wosewera, kutembenuka kwa mizukwa yonse nthawi imodzi ndi chizindikiro chooneka ndi maso kuti zinthu zasintha. Mdani amene amasintha khalidwe popanda chizindikiro chilichonse amaoneka ngati wobera.

Chofunika kwambiri n'chakuti m'pulogalamu yonse musakhale malo ena alionse osinthira mkhalidwe kupatula pano. Gawo loona za kugundana lisasinthe lokha, lingotumiza uthenga woti `"kugundana"`. Mukatero, chilichonse chodabwitsa chimene mzukwa ungachite chidzakhala kuti chadutsa pakhomo limeneli, ndipo mzere wa `print` uja unachilemba.

Chimene mzukwa umachita uli mumkhalidwe

Bwalo la Pac-Man linagawidwa m'timabokosi, 28 mopingasa ndi 36 motsika. Nzeru ya amene anapanga gemuyi inali yakuti kayendedwe ka mizukwa n'kamodzi, chimene chimasintha ndi kabokosi komwe mzukwa ukulinga. Ukafika pamphambano, umayang'ana timabokosi toyandikana nawo timene ungalowemo, kupatula kakumbuyo, n'kusankha kamene kali pafupi kwambiri ndi cholinga chake poyeza molunjika, ngati kuti makoma kulibe.

Tiyese ndi manambala. Tiziwerenga timabokosi kuchokera kumanzere, kenaka kuchokera pamwamba. Mzukwa uli pa (10, 8), ukuchokera kumanzere, ndipo cholinga chili pa (14, 5). Ukakwera m'mwamba ufika pa (10, 7), pamene patsala 4 mopingasa ndi 2 mokwera. Nambala iliyonse tiichulukitsa ndi iyo yomwe n'kuphatikiza: 16 ndi 4, zonse 20. Ukapita kumanja ufika pa (11, 8): 9 ndi 9, zonse 18. Ukatsika ufika pa (10, 9): 16 ndi 16, zonse 32. Yochepa ndi 18, choncho upita kumanja. Njira ziwiri zikafanana, gemu yeniyeni imasankha motsatana chonchi: m'mwamba, kumanzere, m'munsi, kumanja.

Tsono ntchito ya mkhalidwe uliwonse yachepa kwambiri, yangokhala kutchula cholinga. Pobalalika, cholinga ndi kabokosi ka kukona kamene kali kunja kwa njira, koti mzukwa sungafikepo, n'chifukwa chake umangozungulira makoma a kumeneko. Ukakhala maso okha, cholinga ndi khomo la nyumba. Pa mantha palibe cholinga, mzukwa umasankha njira mwachisawawa pamphambano iliyonse.

Posaka ndi pamene mizukwa inayi imasiyana. Blinky, wofiira uja, amalinga kabokosi kamene Pac-Man ali. Pinky amalinga timabokosi 4 kutsogolo kwa Pac-Man, ndiye amaoneka ngati akumutchingira njira. Inky amayang'ana zinthu ziwiri, malo a Blinky ndi kabokosi kachiwiri kutsogolo kwa Pac-Man: amajambula mzere kuchokera kwa Blinky kufika pa kabokosiko, n'kuutalikitsa kawiri. Clyde amalondola Pac-Man akakhala kutali, koma akayandikira mosakwana timabokosi 8 amatembenukira kukona yake ya kumunsi kumanzere. Tebulo ndi limodzi, kayendedwe n'kamodzi, koma wosewera amaona adani anayi a mitima yosiyana. Wopanga gemu aphunzirepo kuti kusiyanitsa adani sikufuna kuwonjezera mikhalidwe.

Masekondi 33 oyamba

Pagawo loyamba la Pac-Man wotchi yaikulu imayenda motere: kubalalika masekondi 7, kusaka 20, kubalalika 7, kusaka 20, kubalalika 5, kusaka 20, kubalalika 5, kenaka kusaka mpaka gawolo litatha. Mantha amatenga masekondi 6, ndipo nthawi imeneyo wotchi yaikulu imaima.

Tiyendetse makina athu ndi manambala amenewa. Gemu ikuyamba, Blinky ndi Pinky ali pa `KUBALALIKA`. Pa sekondi ya 7 wotchi ikulira, onse akutembenuka n'kulowa `KUSAKA`. Pa sekondi ya 12 Pac-Man akudya chidontho. Onse akulowa `MANTHA`, ndipo wotchi yaikulu ikuima itawerenga masekondi 5 mwa 20 osaka. Pa sekondi ya 15 Pac-Man akugwira Blinky n'kupata mapointi 200. Blinky akulowa `MASO`, Pinky adakali wabuluu. Pa sekondi ya 18 mantha akutha, ndipo uthenga woti `"atha"` ukupita kwa onse awiri. Pinky akufunsa wotchi, ikumuuza kuti asake. Ngati Blinky sanafike kunyumba, uthengawo sukumukhudza, chifukwa m'tebulo mulibe mzere wa maso ndi kutha kwa mantha. Wotchi yaikulu ikupitiriza ndi masekondi 15 otsala, ndipo kubalalika kwachiwiri kukufika pa sekondi ya 33, osati ya 27.

Kuyendetsa makina pamanja chonchi ndi mayeso abwino kuposa kungosewera n'kumaona ngati zili bwino. Mwalemberatu zimene mukuyembekezera. Ngati mzere wa `print` ukuonetsa kubalalika pa sekondi ya 27, mwadziwa kuti wotchi yaikulu simukuiimitsa pa nthawi ya mantha. Cholakwika chimenechi sichigwetsa gemu, chimangodya mpumulo wa wosewera mwakachetechete. Akadya chidontho pa sekondi ya 25, mantha atha pa 31, kubalalika kutayamba kale pa 27, ndipo pa masekondi 7 opuma atsala ndi 3 okha.

Matenda atatu ndi zizindikiro zake

Oyamba ndi mzukwa wonjenjemera pamalo amodzi. Gemu imajambula chithunzi chatsopano pafupifupi ka 60 pa sekondi, ndipo pa chithunzi chilichonse mzukwa umachita ntchito ya mkhalidwe wake. Koma pali ntchito zina zoyenera kuchitika kamodzi kokha, polowa mumkhalidwe: kutembenuka, kusintha mtundu, kuyambitsa wotchi ya mantha. Mukaika kutembenuka pakati pa ntchito za chithunzi chilichonse, mzukwa udzatembenuka ka 60 pa sekondi, osapita kulikonse. Mukaikamo kuyambitsa wotchi ya mantha, masekondi 6 aja adzayambiranso nthawi zonse ndipo mzukwa udzakhala wabuluu mpaka kalekale. Mudzazindikira matendawa poona kuti mzukwa ukuchita zachilendo koma `print` sakulemba kusintha kulikonse.

Achiwiri ndi mzukwa wosemphana ndi anzake. Amayamba ndi ganizo looneka lanzeru: mzukwa uzikumbukira mkhalidwe umene unali nawo usanachite mantha, kuti udzabwerere komweko. Taganizani Blinky atadyedwa mantha atatsala pang'ono kutha, kusaka nakonso kuli kumapeto. Ali paulendo wakunyumba, mantha atha, wotchi yaikulu yapitiriza n'kulira, anzake abalalika. Iye akufika kunyumba n'kukumbukira kuti ankasaka. Kuyambira pamenepo wotchi ikalira iye amabalalika anzake akusaka, n'kumasaka anzake akubalalika, ndipo wosewera sapezanso mpata wopuma. Ichi ndiye chifukwa chake tinaika `FUNSA`. Chimene chinali choona kale chitha kukhala chitasintha, choncho mzukwa ufunse kumene kuli choonadi cha panopa.

Achitatu amapezeka pamalire. Magemu ambiri oonera pamwamba ali ndi mlonda amene amayendera malo ake n'kuyamba kuthamangitsa wosewera akafika pafupi, tinene mosakwana timabokosi 6. Ngati malire oyambira kuthamangitsa ndi omwewonso olekera, wosewera woyenda m'mphepete mwa malirewo amamupengetsa mlonda: athamangitse, aleke, athamangitse, aleke. Apa `print` amadzaza sikirini ndi mizere iwiri yosinthanasinthana. Mankhwala ake ndi malire awiri. Ayambe kuthamangitsa pa timabokosi 6, koma aleke pokhapokha mtunda utapitirira 9. Pakati pa 6 ndi 9 apitirize chimene amachita kale. Clyde ali ndi malire amodzi okha, a timabokosi 8 aja, koma sanjenjemera chifukwa saloledwa kubwerera m'mbuyo ndipo amasankha njira pamphambano pokha. M'malo monjenjemera amangoyandikira n'kupatuka, ndipo zimenezi zinasanduka khalidwe lake lodziwika.

Pamene tebulo limalephera

Makinawa ali ndi polekezera. Tinene kuti mukufuna mdani wovulala azichita zonse mosiyana: asake mochenjera, athawe msanga, asapite kukona yakutali. Mukachita izi powonjezera mikhalidwe, inayi ija isanduka 8. Zochitika ziwonjezekanso, kuvulala ndi kuchira, kukhala 7. Mipata yachoka pa 20 kufika pa 56. Onjezaninso kuti mdani atha kukhala ndi chida kapena ayi, ndiye pepala silikukwananso.

Njira yoyamba yopewera zimenezi ndi kufunsa ngati chatsopanocho ndi mkhalidwe weniweni. Ngati kuvulala kumangochepetsa liwiro, ndi nambala chabe yoti mzukwa uzisunga, ndipo tebulo lisakhudzidwe. Njira yachiwiri ndi kuika mikhalidwe yofanana m'gulu limodzi. M'tebulo lathu, kusaka ndi kubalalika kumayankha chidontho mofanana ndipo konse kumapha Pac-Man. Mutha kuziika pansi pa mkhalidwe waukulu umodzi wa mzukwa woopsa, n'kulemba lamulo la chidontho kamodzi kokha. Adani akafika pokhala ndi zochita makumimakumi, monga asilikali obisala, oitana anzawo ndi okwera magalimoto, opanga magemu amasamukira ku dongosolo lina la zisankho zokhala ngati nthambi za mtengo, limene linatchuka ndi gemu ya Halo 2 ya mu 2004.

Muyeso wake ndi wapafupi. Ngati mikhalidwe ndi zochitika za mdani wanu zikukwana patsamba limodzi, ndipo mutha kuloza mpata uliwonse n'kunena chifukwa chimene munayankhira chonchi, makina a mikhalidwe yowerengeka akukwanirani. Mukayamba kudumpha mipata chifukwa yachuluka, musawonjezere mkhalidwe wina kufikira mutagawa tebulolo m'magulu.